Tiyi Asanazizire: Mawu Otsanzika Mnzathu Wopuma pa Ntchito

Kalata yoti wakuti akupuma pa ntchito ikangofika, mu ofesi mumayamba kuyenda pepala la msonkho. Wina alemba K5,000, wina K2,000, wina alonjeza kuti aponya mwezi ukatha. Amayi awiri kapena atatu amagawana zogula: masamba a tiyi, mkaka, shuga, mandasi, masamusa, mtedza wokazinga, ndi Sobo wa anthu amene samwa tiyi masana. Zimenezi sizivuta, chifukwa chilichonse chili ndi mtengo wake ndipo wochigula amadziwika. Chimene chimatsalira mpaka tsiku lenilenilo ndi funso lakuti ayankhule ndani m'malo mwa antchito onse. Kawirikawiri munthuyo amamugwira pakhonde m'mawa, n'kumuuza kuti, "Inu paja mumatha kuseketsa anthu, mukanenepo mawu awiri."

Mawu awiriwo ndi amene wopumayo amapita nawo kwawo. Mandasi amatha pomwepo, koma zimene mnzake ananena pamaso pa bwana ndi pamaso pa akunyumba kwake, azidzazifotokoza pakhonde zaka zambiri. N'chifukwa chake ntchito imeneyi si yoipeputsa ngakhale ikuchitikira pa tebulo la makapu. Ndipo ili ndi luso lake, limene munthu aliyense angaliphunzire ngakhale asali katswiri wa nthabwala.

Cholakwika chofala kwambiri si chipongwe ayi, koma kuwerenga mbiri. Woyankhula amapita ku ofesi yoona za antchito, n'kukopera m'faelo: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira pasukulu yakuti, anayamba ntchito pakuti, anasamutsidwira kwakuti, anakwezedwa chaka chakuti. Akaimirira n'kuyamba kuwerenga zimenezi ndi mawu otsika, m'chipinda monse mumagwa bata lodziwika bwino kwa Mmalawi aliyense, chifukwa malo amene timamvako mbiri yotere ndi pamaliro. Zimafika poipa woyankhulayo akayamba kunena kuti "anali munthu wabwino, anali wokonda anzake," mwiniwake ali pompo akutafuna samusa. Munthu wa zaka 60, zimene ndi zaka zopumira pa ntchito m'boma, amakhala kale ndi kankhawa kakuti anthu ayamba kumuwerengera kumbali ya opita. Sakufunika kumva mbiri yake ikuwerengedwa ali moyo. Za m'faelo zisiyireni bwana, ndi gawo lawo, ndipo iwo amatha kuzinena mwachidule popereka kuthokoza kwa ofesi. Gawo la woimira antchito ndi lina: kuonetsa munthuyo monga tinkamuonera tsiku ndi tsiku, kuti chipinda chonse chiseke chifukwa chamuzindikira.

Woyenera kuseka naye ndani

Kwathu kuno nthabwala ili ndi eni ake. Msuwani akhoza kukunena kuti ndiwe waulesi pagulu, iwe n'kuseka, koma mawu omwewo atanena mpongozi pakhoza kukhala mlandu wofuna ankhoswe. Mdzukulu amatha kuseka dazi la agogo ake, pamene mwana wobereka sangayerekeze. Anzathu a ku Zambia ali ndi chimbuya cha Angoni ndi Abemba, chimene chimalola anthu osadziwana n'komwe kunyogodolana popanda wokwiya. Pa zonsezi chimene chimapereka chilolezo si kukoma kwa nthabwalayo, koma ubale wa anthu awiriwo.

Mu ofesi ndi chimodzimodzi. Musasankhe munthu chifukwa choti ndiye amaseketsa anthu pa nkhomaliro. Sankhani amene wopumayo amaseka naye kale, amene mwawaonapo akunyogodolana wina osatupa. Nthawi zambiri amakhala mnzake wa msinkhu umodzi amene akhala limodzi zaka zambiri, kapena wachinyamata amene anaphunzitsidwa ntchito ndi wopumayo ndipo amamutcha kuti bambo kapena mayi. Wachinyamata wotere amayankhula ngati mdzukulu, ndipo ali ndi mwayi umodzi waukulu: nkhani iliyonse akhoza kuikamba iye mwini ali wopusa, wamkuluyo ali wochenjera. Bwana wamkulu ndiye wosayenera kwenikweni. Nthabwala yochokera kumwamba imalemera, anthu amaseka chifukwa cha mantha, ndipo wopumayo amatsala akudzifunsa ngati mawuwo analibe kena kake kunsi. Wosayeneranso ndi amene akutenga mpando wa wopumayo, ngakhale akhale ndi mtima woyera chotani. Iye akangoti "pumulani, mwatopa," anthu amamva zina.

Mukapatsidwa ntchitoyi, pemphani masiku osachepera atatu. Yendani m'maofesi, koma musafunse kuti, "Kodi bambowa ndi munthu wotani?" Funso limenelo limabala mayankho opanda ntchito: wabwino, wolimbikira, woopa Mulungu. Funsani kuti, "Ndi mawu ati amene amakonda kunena? Akalowa m'mawa amayamba kuchita chiyani? Tsiku limene anakudabwitsani ndi liti?" Ndipo musafunse a m'maofesi okha. Dalaivala, mesenjala, mlonda wa pageti ndi mayi wosesa amadziwa zambiri kuposa wachiwiri kwa bwana, chifukwa amamuona munthu pamene sakudzikonza. Mukafunsa anthu asanu, atatu n'kutchula chinthu chimodzimodzi, mwapeza mutu wa mawu anu. Zina zonse, ngakhale zikome bwanji, zisiyeni.

Apa ndi pamene ambiri safuna kumva. Amafuna kutchula zonse: kusunga nthawi, kukonda mpira, kuimba kwaya, kuweta nkhuku. Mawu otere amamwazikana, ndipo palibe chimene chimakhazikika m'mutu mwa omvera. Khalidwe limodzi ndi lokwanira, bola likhale loti aliyense m'chipindamo analionapo ndi maso ake, komanso likhale loti mukalitembenuza, kuseri kwake kuli chinthu choyamikirika. Wovuta pa nthawi ndi yemwenso sanachedwetsepo malipiro a anthu. Woumira ndi mapepala ndi yemwenso sanasowetsepo katundu wa ofesi. Wolongolola pafoni ndi yemwenso amadziwa wodwala aliyense m'mabanja a antchito. Khalidwe limene kuseri kwake kulibe chabwino, monga kujomba kapena kuledzera, si la pa tiyi.

Tiyerekeze ndi wosunga katundu

Tiyerekeze kuti amene akupuma ndi bambo wosunga katundu mu ofesi ina ya boma, kumene ambiri timangoti kusitozi. Anabadwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu, anayamba ntchito mu 1986, ndipo anakwanitsa zaka 60 mu 2024. Ofesi yonse imawatcha a Sainani, chifukwa satulutsa kanthu, ngakhale kapini, munthu asanasaine m'buku lawo lalikulu. Iwo dzinali amalidziwa ndipo amalivomera, mfundo imene muyenera kuitsimikiza musanalitchule pagulu, popeza maina ena a mu ofesi amanenedwa mwiniwake akatuluka. Woyankhula ndi kalaliki wachinyamata amene anawapeza pantchito. Akazi awo a bambowa aitanidwa ndipo akhala pambali pawo. Mawu ake akhoza kuyenda motere:

"Bwana wamkulu, akuluakulu a nthambi zonse, mayi athu amene mwachokera kunyumba, ndi anzanga nonse, ndakupatsani moni. Andiuza kuti ndiyankhule mphindi zinayi, ndipo sindipitirira, chifukwa yachisanuyo bambowa andisainitsa.

"Ine nditangoyamba ntchito pano ndinapita kusitozi kukapempha cholembera. Bambowa anandilandira bwino. Anandifunsa kwathu, anandifunsa ngati mvula yagwa kumeneko. Mumtima ndinati, apa ndapeza kholo. Kenako anatsegula buku lija n'kunena kuti, 'Sainani apa.' Ndinati, 'Bambo, ndisaina ndi chiyani, poti cholemberacho ndi chimene ndadzera?' Anandibwereka chawo. Nditasaina anatsegula tsamba lina n'kuti, 'Sainaninso apa kuti changa mwabweza.'

"Anzanga, amene sanasainepo m'buku limenelo akweze dzanja. Bwana, ndaona nanunso simunakweze.

"Bambowa anayamba ntchito mu 1986. Kuchokera nthawi imeneyo chithunzi cha pakhoma paja chasintha kasanu. Mataipi anapita, makompyuta anabwera. Buku lokhalo ndi limene lakana kusamutsidwa.

"Koma ndinene chilungamo. Chaka chija kunabwera maodita, tonse tinachezera kufunafuna malisiti. Kusitozi sanatheko tsiku. Anawerenga mapepala, matayala, mpaka matsache, ndipo zonse zinagwirizana ndi buku. Kuyambira pamenepo tinkasaina tisanauzidwe. Ndiye pali zina zimene bambowa satisainitsa. Maliro akagwa kwa mmodzi wa ife, oyamba kufika pasiwa amakhala iwo. Mnyamata watsopano akasokoneza mafomu, amamukonzera mwakachetechete zisanafike kwa bwana. Ine ndine mmodzi wa anyamata amenewo.

"Mayi, bambo aja takubwezerani. Tikuwapereka ali bwinobwino. Koma mukafika kunyumba muwerengeretu masupuni, chifukwa kuyambira Lolemba mchere muzichita kusainira.

"Bambo, pamene tinakulakwirani mutikhululukire. Mukapume bwino, ndipo mukakolola mutikumbukire. Anzanu tasonkha, takugulirani njinga iyi. Koma musanaigwire," apa atulutse kabuku m'thumba, "sainani apa."

Mawu amenewa, pamodzi ndi nthawi yodikira kuti anthu aseke, sapitirira mphindi zinayi. Tiyeni tiwamasule pang'ono, chifukwa chilichonse chili pamalo pake pa chifukwa.

Ulemu wa poyamba ndi waufupi koma sunadumphe munthu, makamaka mlendo wochokera kunyumba. Ena amatchula maudindo khumi ndi awiri mpaka tiyi kuzizira, ena amangoponya mawu achingerezi aja otanthauza kuti ulemu wapita kwa onse. Pa mwambo waung'ono wotere magulu atatu kapena anayi akwanira. Nthabwala yoyamba yabwera msanga, mu chiganizo chachiwiri, kuti anthu adziwe kuti aloledwa kuseka. Mukachedwa nayo, omvera amakhala atakonza kale nkhope za msonkhano, ndipo kuzimasula kumavuta.

Nkhani ya cholembera ndiyo msana wa zonse. Onani kuti wogwa m'mavuto m'nkhaniyo ndi woyankhulayo, ndipo wopambana ndi wopumayo. Onaninso kuti ili ndi mawu enieni otuluka pakamwa pa anthu. Kungonena kuti "bambowa ndi okhwima pa katundu" sikuseketsa munthu, koma "sainaninso apa kuti changa mwabweza" aliyense akumva liwu la mwiniwake. Kukokomeza pang'ono n'kololedwa, ndiye mchere wake, malinga ngati maziko a nkhaniyo ndi oona. Nkhani yopeka yonse imadziwika, chifukwa mwiniwake amakwinya nkhope kuyesa kukumbukira, ndipo anthu amayang'ana iye m'malo moseka.

Kukhudza bwana kwachitika kamodzi, mopepuka, ndipo m'njira yokweza wopumayo: ngakhale wamkulu wa ofesi ankagonjera buku. Kawiri kukanakhala kudzionetsa. Za chithunzi cha pakhoma ndi njira yonenera kutalika kwa zaka popanda kuwerenga faelo. Munthu amene anayamba ntchito m'boma mu 1986 n'kupuma mu 2024 anagwira pansi pa zithunzi za Kamuzu Banda, Bakili Muluzi, Bingu wa Mutharika, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera. Woyankhula wanzeru amangotchula kusintha kwa chithunzicho n'kudutsa. Akangowonjezera kuti nthawi ya wakuti zinthu zinkayenda bwino, chipinda chagawika, ndipo phwando lasanduka msonkhano wa chipani.

Mbiri ya dziko ili ndi zambiri zotere zimene zimathandiza. Ngati wopumayo ndi mayi amene anayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, anagwira zaka zake zoyamba lamulo la kavalidwe la 1973 likugwirabe ntchito, pamene mkazi sankaloledwa kuvala buluku, mpaka linachotsedwa mu 1993. Atsikana a mu ofesi amene lero amabwera atavala masuti a buluku amaseka akamva zimenezi, ndipo mayiyo amapeza mpata wogwedeza mutu monyadira kuti anaziona. Zoterezi zimaseketsa popanda kulasa munthu, chifukwa chosekedwa ndi nthawi.

Kenako pali potembenukira, pamene pakuti "koma ndinene chilungamo." Popanda gawo limeneli, zonse zam'mbuyo zikanangokhala kumunena munthu. Chinthu chomwe chija tinkaseka ndi chimene chasanduka ulemu wake, ndipo umboni wake ndi chochitika chimene anthu akuchikumbukira, osati mawu okometsera. Gawoli lisatalike. Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zikwanira kuti m'chipinda mukhale zii pang'ono, wopumayo ayang'ane pansi, kenako muwabwezere anthu ku chiseko misozi isanayambe. Kupepesa kuja, kwakuti pamene tinakulakwirani mutikhululukire, musakusiye ngakhale mawu onse akhale a nthabwala. Anthu amene akhala limodzi zaka makumi atatu sangalephere kupondana, ndipo akuluakulu amayembekezera kumva mawu amenewa posiyana. Anenedwe ndi nkhope yoona.

Mphatso nayo ndi bwino kuidziwiratu, kuti mawu akathere pa iyo. Maofesi ambiri amagula njinga, malata, matumba a feteleza, bulangete, nsalu, kapena amangopereka envelopu. Ena amagulabe wotchi ya pakhoma, ngati kuti munthu amene wamasulidwa ku belu la m'mawa chimene akusowa kwambiri ndi kudziwa nthawi. Ikakhala wotchi, nenani zomwezo, anthu aseka ndipo a komiti yogula sakwiya.

Zosayenera kuzigwira

Pali nkhani zimene zimaseketsa kwambiri pa nkhomaliro koma pa mwambo zimavulaza, ndipo zifukwa zake n'zoti tizimvetse.

Yoyamba ndi ndalama za ofesi. Chichitikireni nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013, nthabwala yakuti "a akaunti amanga nyumba zingati" kapena "a sitozi akapuma ndi matayala angati" si nthabwalanso. Masiku ano pa mwambo uliwonse pamakhala mafoni atatu akujambula, ndipo madzulo omwewo kanemayo amakhala ali pa WhatsApp, kwa anthu amene sakudziwa kuti munkacheza. Za maalawansi ndi ma semina a kunyanja zili m'gulu lomweli. Mwaona kuti m'chitsanzo chija katundu watchulidwa pofuna kuonetsa kuti sanasowe.

Yachiwiri ndi penshoni. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakhazikitsa kuti wolemba ntchito aziponya 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, koma aliyense amadziwa wina amene anayenda maulendo ambiri kulondola ndalama zake atapuma. Munthu amene mukumutsanzikayo mwina usiku sakugona, akuwerengera fizi ya mwana wotsiriza ndi nyumba imene sinafike pa denga. Kumuuza moseka kuti "mwalemera tsopano, mutigawireko" ndi kumuitanira opempha, ndipo kumuuza kuti "mudikira mpaka imvi zithe" ndi kumugwira pabala. Ngongole zake, za kubanki ya m'mudzi kapena kwa akatapila, musazitchule n'komwe, ngakhale akhale kuti anakubwezerani mochedwa inu amene.

Yachitatu ndi ya m'nyumba. Akunyumba akakhalapo, chiganizo chimodzi chokhudza mowa wa Lachisanu kapena "alongo" a ku ofesi ina chimakathera ku chipinda usiku, inu mutagona kale kwanu. Ana nawo musawawerenge ngati simukudziwa bwino za banjalo. Mayi kapena bambo wa kunyumba alowe m'mawu anu monga mwini katundu amene akubwezeredwa chake, basi.

Ukalamba ndi wofuna kusamala mwapadera. Imvi ndi dazi zikhoza kulowa ngati mwiniwake amaziseka yekha. Mu chitsanzo chathu, kalaliki uja akanatha kuwonjezera kuti, "Tikuwapereka ali bwinobwino, kupatula tsitsi, limene sitinalipeze m'buku," koma pokhapokha ngati anamvapo bambowo akuseka dazi lawo. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kuiwalaiwala, kapena mawu akuti "mwatsala pang'ono," zimenezo ayi. Ndipo pali nthabwala imodzi imene ndimaimva m'maofesi yoyenera kutheratu, yakuti munthu wakhalitsa pampando chifukwa ndi wokhwima. M'dziko limene okalamba amamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi powaganizira ufiti, simungamuperekeze munthu wopita kukakhala kumudzi ndi mawu otere. Za mtundu wa munthu, chigawo chimene amachokera ndi mpingo wake, zisiyireni asuwani ake enieni.

Muyeso wosavuta ndi uwu: nthabwala iliyonse muiyese m'maganizo mwanu pamaso pa mkazi kapena mwamuna wa wopumayo, ndi pamaso pa mwana wake wamkulu. Ngati mukuona kuti mmodzi wa iwo angayang'ane kumbali, ichotseni. Mukakayikabe, muwerengereni mnzake wapamtima wa wopumayo dzulo lake. Ndi bwino kutaya nthabwala imodzi yokoma kusiyana n'kukapepesa kunyumba kwa munthu.

Nanga wopumayo akakhala munthu amene anthu sankamukonda? Zimachitika, ndipo aliyense m'chipindamo amadziwa. Musaname, chifukwa mukayamba kumutcha kholo la onse anthu amatsinana pansi pa tebulo, iye n'kuona. Musabwezerenso, tsikulo si la milandu. Fupikitsani, pezani chinthu chimodzi choona chimene ankachita bwino, ngakhale chikhale choti malipoti ake sankachedwa, ndipo chiseko chichokere pa zinthu za nthawi yake, monga mataipi ndi mafoni opukusa, osati pa iye. Mphindi ziwiri zoona zimamukwanira.

Pa tsikulo

Nthawi yabwino yoyankhula ndi pamene aliyense wathira tiyi ndipo wakhala pansi, koma mbale zisanayere. Anthu akadali pamzere wa shuga samva kanthu, ndipo mandasi akatha amayamba kusuzumira kukhomo, makamaka ngati ndi Lachisanu ndipo akuganiza za minibasi. Gwirizanani ndi wotsogolera mwambo kuti pemphero likatha ndi tiyi akathiridwa, muyankhule inu, kenako bwana, ndipo wopumayo atsirize. Kuyankhula pambuyo pa bwana n'kovuta: mwina atenga nthawi yonse, mwina anena kale nkhani yanu.

Mawu anu muwalembe, koma musakawawerenge. Tsamba limodzi lolemba pamanja ndilo muyeso wake. Muliwerenge mokweza kunyumba kawiri kapena katatu, wotchi ya pafoni ikuyenda, chifukwa chimene chimaoneka chachifupi papepala chimatalika pakamwa. Kenako pa kapepala kakang'ono lembani mitu yokha: cholembera, manja, chithunzi, maodita, masupuni, njinga. Nthabwala yowerengedwa mutu uli pansi imafera papepala pomwepo. Kapu ikani patebulo musanaimirire, manja akamanjenjemera supuni imaulula. Imani pamene wopumayo akukuonani osachita kupotoza khosi, ndipo muziyankhula kwa iye nthawi zina, kwa gulu nthawi zina. Chiyankhulo chikhale chimene mumacheza nacho mu ofesimo. Ngati bwana ndi mlendo wosamva Chichewa, mupatseni ziganizo ziwiri m'Chingerezi poyamba, koma nkhani ya cholembera ikambidwe m'chiyankhulo chimene inachitikira, apo ayi mlonda ndi mayi wosesa, amene anakupatsani nkhanizo, atsala kunja.

Anthu akaseka, dikirani. Oyankhula ambiri amaopa bata ndi phokoso lomwe, choncho amapitiriza anthu akuseka, mawu otsatirawo n'kumira. Musasekenso nthabwala yanu isanathe, kapena kulengeza kuti "iyi ndiye ikuseketsani." Nkhope yanu ikakhala ngati mukupereka lipoti, m'pamene anthu amagwa nacho chiseko.

Maso anu azibwerera kwa wopumayo, chifukwa nkhope yake ndi imene ikuuzeni ngati zikuyenda. Akamaseka mpaka kupukuta m'maso, kapena kukuloza ndi chala uku akugwedeza mutu, kapena kuyankhira kuti "wanama mwana iwe," muli panjira. Koma akayamba kuyang'ana m'kapu, kumwetulira ndi milomo yokha, akunyumba n'kuyamba kukonzakonza chitenje chimene chili bwinobwino, mwaponda polakwika. Chizindikiro china ndi chiseko chochokera pa ngodya imodzi yokha, ya anyamata a kumbuyo, pamene akuluakulu ali duu. Zikatero musafotokoze kuti mumangocheza, kumeneko ndi kukulitsa bala. Dumphani zotsalazo, pitani molunjika pa gawo loyamikira, ndipo mutsirize msanga. Mwambo ukatha mupite nokha kwa mwiniwake mukapepese pambali.

Chomaliza chimene oyankhula amaiwala n'chakuti wopumayo ayenera kuyankha, ndipo ndi iye woyenera kupambana. Musamulande nkhani zake zonse. Ngati mukudziwa kuti ali ndi nkhani imene amakonda kuikamba, ya tsiku limene galimoto ya ofesi inatitimira m'matope ku Nsanje kapena ya malipiro ake oyamba, isiyeni kuti aikambe yekha. Musiyireninso pokubwezerani. Kalaliki uja atawapatsa a Sainani kabuku, n'zosakayikitsa kuti bambowo avala magalasi, ayang'ana njingayo mbali zonse, n'kufunsa kuti pampu ili kuti poti m'bukumu simunalembedwe. Chiseko chachikulu cha tsikulo chikhale chimenecho, ndipo inu mukhale mutakhala kale pansi.

Choncho a komiti, mukamayendetsa pepala la msonkho, lembanipo dzina la woyankhula tsiku lomwelo, mumuuze mphatso imene mukugula ndi alendo amene mwaitana. Ndipo inu amene mwasankhidwa, mawa m'mawa yambirani pageti, mukafunse mlonda.